Uthenga wa Nthoci za Magazi: Mmene Banja Lingadziwire Zoona Lisanautumize

Kuyambira caka ca 2015 pali uthenga umene wakhala ukuzungulira m'mafoni m'maiko ambiri. Umabwera ndi cithunzi ca nthoci yosenda imene pakati pake pali pofiira, ndipo mau ake amati anthu oipa mtima anabaya nthocizo ndi nyeleti ya magazi a munthu wodwala kuti wakudya atenge kadoyo ka HIV. Nthawi zina cipatso cimasintha nkukhala lalanje, dziko nalo limasintha, koma nkhani ndi yomweyo. Mai aliyense wogulira ana ake zipatso pa msika wa Kapata kapena wa Soweto akaona zotere mtima umamudumpha, ndipo cala cimathamangira kutumiza ku gulu la mpingo ndi la cilimba.

Uthengawo ndi wabodza. Koma cofunika kwambiri ndi njira imene munthu wamba angadziwire yekha, pakuti mawa kudzabwera wina wa mtundu womwewo.

Coyamba ndi kuyang'ana pamwamba pa uthenga usanawerengedwe nkomwe. Pa WhatsApp, uthenga umene wadutsa kasanu kapena kuposa kucoka kwa munthu wina kupita kwa wina umakhala ndi timivi tiwiri ndi mau akuti Forwarded many times. Cizindikiro cimeneci sicinena kuti uthenga ndi wabodza ai. Cimangonena kuti amene wautumiza sindiye anaulemba, ndipo mwina sadziwa ngakhale dziko kumene unacokera. Azakhali okhulupirika angathe kutumiza bodza ndi mtima woyera, cifukwa iwonso anangolandira.

Pambuyo pake munthu awerenge mofatsa akufunafuna zinthu zitatu: dzina, malo ndi tsiku. Uthenga wa nthoci umati "madotolo acenjeza", osachula dotolo kapena cipatala cake. Umati "dzulo", koma dzulo limeneli lakhala dzulo kwa zaka zambiri. Wina umachula bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO, koma kuchula dzina lalikulu nkosavuta, aliyense angalembe. Ndipo kumapeto umalamula kuti utumizidwe msanga kwa onse okondedwa. Cenjezo lenileni la boma limauza anthu cocita, monga kuwiritsa madzi kapena kupita ku kiliniki. Uthenga umene nchito yake yaikulu ndi kupempha kuti utumizidwe uyenera kukayikiridwa.

Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Amabwereza kuwerenga uthengawo, kuyang'anitsitsa cithunzi, kenaka nkuweruza kuti "cioneka ngati coona". Umboni supezeka mkati mwa uthenga. Munthu ayenera kuusiya ndi kukafunsa kwina.

Amene ali ndi data pang'ono atsegule Google ndi kulemba mau ocepa a nkhaniyo m'Cingelezi, kuonjezapo liu lotanthauza bodza, motere:

```
banana HIV blood hoax
```

Zotuluka zidzaonetsa kuti nkhaniyi inafufuzidwa kale ndi anthu amene nchito yao ndi kutsimikiza nkhani. Mu Afirika muno lilipo bungwe la Africa Check, limene linayamba mu 2012 ku Johannesburg, ndipo limafufuza kwambiri mphekesera za zaumoyo. Wofufuza asangowerenga mutu wa nkhani yoyamba. Atsegule ziwiri kapena zitatu zocokera kosiyana, aone tsiku limene zinalembedwa. Akapeza kuti nthoci "ya dzulo" inalembedwa kale mu 2015, nkhani yatha.

Cithunzi naco cingafufuzidwe. Mafoni ambiri a Android ali ndi Google Lens, kapena kacizindikiro ka kamera pambali pa malo olembapo mu Google. Munthu akasankha cithunzico, foni imaonetsa malo ena pamene cinaikidwapo. Cikapezeka pa tsamba la dziko lina zaka zapitazo, ndiye kuti sicinajambulidwe pa msika wa m'komboni sabata ino. Koma njira imeneyi ili ndi malire ake. Foni ikalephera kupeza cithunzi kwina, sindiye kuti uthenga ndi woona. Mwina cithunzico ndi catsopano koma mau ake ndi opeka. Nthoci yofiira mkati ilikodi, ndipo munthu angaipeze m'dengu lake lomwe. Kufiirako kumabwera ndi matenda a zomera, makamaka cuku cochedwa Nigrospora cimene cimalowa m'cipatso. Nthoci yotere njosakoma ndipo ingotayidwa, koma si magazi. Bodza lokhalitsa kawirikawiri limakhala lotere: cithunzi coona, tanthauzo lonama.

Funso lina ndi lakuti kodi nkhaniyo igwirizana ndi zimene azaumoyo akhala akuphunzitsa. Kadoyo ka HIV kamapatsirana pogonana mosadziteteza, kudzera m'magazi olowa m'thupi monga pobwerekana nyeleti ndi malezala, ndiponso kucoka kwa mai kupita kwa mwana pa nthawi ya mimba, pobereka kapena poyamwitsa. Kunja kwa thupi la munthu kadoyoka kamafooka msanga ndipo sikangaswane m'cipatso. Mphepo, kutentha ndi asidi wa m'mimba zimakaononga. Nkhani zocepa kwambiri zodziwika zokhudza cakudya ndi za makanda amene anatafuniridwa cakudya ndi munthu wa kadoyo amene anali ndi magazi mkamwa. Cimeneco ndico coyenera kupewa panyumba, osati zipatso za pa msika.

Si uthenga uliwonse wodabwitsa umene uli wonama. Mu Januwale 2024 kunamveka kuti bwalo la mpira la National Heroes ku Lusaka lasanduka cipatala ca odwala kolera ndi kuti kutsegulira masukulu kwaimitsidwa. Zinali zodabwitsa, koma zinali zoona, ndipo kutsimikiza kwake kunali kosavuta: nduna zinalengeza poyera, wailesi ya ZNBC inaulutsa, manyuzipepala analemba. Nkhani yaikulu yokhudza moyo wa anthu ambiri siikhala pa WhatsApp pokha. Ngati nthoci za poizoni zikanalowadi m'dziko, Unduna wa Zaumoyo ndi makhonsolo sakanakhala cete. Conco banja limene lilibe data lingadikire nkhani za madzulo pa wailesi, kapena kuonetsa foni kwa anamwino pa tsiku la sikelo ya ana.

Uthenga wa mau ojambulidwa ndiwo wovuta koposa, cifukwa sungafufuzidwe pa Google ngati cithunzi. Mau a munthu wodzicha namwino wa pa cipatala cacikulu, osachula dzina, alibe mphamvu yoposa ya mphekesera ya pa mpope wa madzi. Wolandira afunse amene watumiza kuti, "Kodi wolankhulayu mumudziwa?" Yankho likakhala lakuti "ndangolandira", uthengawo uime pomwepo.

Nanga ngati wotumiza ndi munthu wamkulu, apongozi kapena acembere a mpingo? Kuwatsutsa pagulu kumangowacititsa manyazi, ndipo amaumirira. Ndi bwino kuwalembera paokha mwaulemu: "Amai, nkhani ija ya nthoci ndaifufuza, ndi yakale ya 2015 ndipo azaumoyo anaikana. Onani apa." Kutero kumawapatsa mpata wouza gulu okha. Amene anatumiza kale asanafufuze abwerere ku magulu omwewo ndi kukonza, pakuti amai ogulitsa nthoci pa msika ndiwo amabwerera kunyumba ndi dengu lodzaza, ndipo anthu amene ali pa mankhwala a ma ARV ndiwo amayamba kuyang'anidwa ndi diso loipa m'komboni.