Kusankha Malo a Saluni: Anthu Odutsa, Oyandikana Nawo ndi Opikisana Nawo

Chaka chilichonse ku ofesi ya zamalonda ya khonsolo kumabwera amayi ndi achinyamata odzatenga chiphaso chotsegulira saluni. Ambiri amakhala atalipira kale lendi ya miyezi itatu, ndipo akafunsidwa chifukwa chimene anasankhira malowo amayankha kuti pamadutsa anthu ambiri. Yankho limeneli nlomveka kwa wogulitsa mandasi kapena zakumwa zoziziritsa kukhosi, pakuti kasitomala wake amaima mphindi imodzi nkupitirira. Saluni ndi yosiyana. Woluka tsitsi amafuna munthu amene angakhale pampando maola atatu kapena anayi, nkudzabweranso pakatha milungu ingapo. Munthu wotere sapezeka paliponse pamene pali chipiringu.

Phunziroli likutenga chitsanzo cha tauni ya Mponela m'boma la Dowa, imene ili m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Kasungu. Mayi wotchulidwa m'nkhaniyi ndiponso ziwerengero zake nzongoyerekeza, pofuna kuonetsa kawerengedwe kake. Mitengo yeniyeni ya lendi aliyense ayenera kukaifufuza yekha.

Mayiyu, amene ali ndi womuthandiza mmodzi, wapeza zipinda zitatu. Choyamba chayang'ana kumsewu waukulu, pafupi ndi pamene pamaima maminibasi, ndipo lendi yake ndi K180,000 pamwezi. Chachiwiri chili mumzere wa mashopu kuseri kwa msika, pa K90,000. Chachitatu chili mkati mwa nyumba zokhala anthu, pa K48,000. Woyang'ana ndi maso okha angathamangire choyamba.

Kuwerenga anthu odutsa

Chida chofunika pa ntchitoyi ndi kope ndi cholembera basi. Wowerenga amaima pafupi ndi khomo la chipindacho kwa mphindi 15, kanayi pa tsiku: m'mawa anthu akupita kuntchito, cha m'ma 10 koloko, masana, ndi madzulo anthu akuweruka. Patsamba amajambula mizere iwiri. Mu mzere woyamba amaika kachizindikiro pa munthu aliyense wodutsa. Mu mzere wachiwiri amaika okhawo amene angathedi kulowa mu saluni, monga amayi ndi atsikana oyenda mosathamanga, osasenza katundu wapaulendo, ooneka kuti amakhala kapena kugwira ntchito m'tauni momwemo. Mzere wachiwiriwu ndi umene uli ndi phindu.

Tsiku limodzi silikwanira. Tsiku la msika limakokomeza chiwerengero ndi anthu ochokera kumidzi amene abwera kudzagulitsa nkubwerera dzuwa lisanalowe. Choncho kuwerenga kuchitike tsiku lina lamkati mwa sabata, Lachisanu ndi Loweruka, ndipo kubwerezedwe pakati pa mwezi, malipiro atatha m'matumba. Ku Mponela nyengonso imanyenga. Msika wa fodya ukatsegulidwa, kuyambira cha mu Epulo, ndalama zimayenda m'tauni ndipo malo alionse amaoneka abwino. Wowerenga mu Juni azikumbukira kuti lendi yomweyo adzailipiranso mu Januwale ndi Febuluwale, pamene mabanja ambiri ndalama zawo zimathera ku chimanga, feteleza ndi fizi.

Mayi wa m'chitsanzo atawerenga, anapeza kuti pa ola limodzi lophatikiza, pakhomo loyamba pankadutsa anthu 400, koma oyenera mzere wachiwiri anali 50 okha. Ena onse anali apaulendo, akabaza, oitanira maminibasi ndi ogulitsa zinthu m'mawindo a galimoto. Kuseri kwa msika kunkadutsa anthu 140, ndipo 60 mwa iwo anali a mzere wachiwiri. Kunyumba zokhala anthu kunkadutsa 30, oyenera 20. Anaonanso chinthu china chimene manambala satchula: pofika tsiku lachitatu, nkhope zambiri za kuseri kwa msika anali atazizolowera, pamene za kusiteji zinali zatsopano tsiku lililonse. Nkhope yobwerezabwereza ndiyo imadzasanduka kasitomala wa mwezi ndi mwezi.

Lendi iwerengedwe m'mitu

Chiwerengero cha odutsa chimayamba kulankhula chikaikidwa pambali pa lendi. Mayiyu anawerengera kuti akachotsa mtengo wa meshi, mankhwala a tsitsi, mayunitsi a magetsi, madzi ndi gawo la womuthandiza, pa mutu uliwonse amatsala ndi pafupifupi K6,000. Ndiye kuti chipinda cha kumsewu chimadya mitu 30 pamwezi iye asanaike kanthu m'thumba, cha kuseri kwa msika mitu 15, ndipo cha kunyumba mitu 8.

Apa pali malire amene ambiri amaiwala. Anthu awiri oluka sangapitirire mitu inayi pa tsiku ngati ntchito yambiri ndi yoluka, kutanthauza mitu yoposa pang'ono 100 pamwezi ngati mipando itamadzaza tsiku lililonse. Koma mipando ya saluni imadzaza Lachisanu, Loweruka ndi kumapeto kwa mwezi. Lolemba ndi Lachiwiri kawirikawiri imakhala yopanda munthu. Mitu 60 pamwezi ndi chiyembekezo chabwino kwa woyamba kumene. Mitu imeneyi imabweretsa K360,000. Kuseri kwa msika mayiyu angatsale ndi K270,000, kumsewu K180,000. Kuti kumsewu apeze zofanana ndi za kuseri kwa msika, afunika mitu 75, ndipo mitu 15 yowonjezerayo iyenera kubwera masiku amene mipando ili pululu, pakuti Loweruka manja amakhala atadzaza kale. Apaulendo a pa M1 sadzatsika minibasi Lachiwiri kuti alukitse tsitsi.

Chipinda chotsika mtengo nachonso chili ndi msampha wake. Anthu 20 odutsa paja ndi omwewo tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri ali kale ndi mnzawo amene amawaluka pakhonde, mwina pangongole. Mayiyu atapeza mitu 25 angatsale ndi K102,000 yokha. Malo oterewa amayenera munthu amene dzina lake linatchuka kale, amene makasitomala amamutsatira pafoni kulikonse kumene wasamukira.

Oyandikana nawo

Woyandikana naye wabwino ndi amene makasitomala ake ndi omwewo a saluni, makamaka ngati amawadikiritsa. Telala wosoka zovala za amayi ndi chitsanzo choyamba, chifukwa wodzayesa diresi ya ukwati kapena ya chinkhoswe amafunanso wokonza tsitsi sabata yomweyo. Shopu ya mafuta odzola ndi meshi imathandiza kawiri: imakoka amayi, ndipo meshi ikaperewera pakati pa ntchito mwana amangothamangira khomo lachitatu. Ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba akakhala pafupi, mawu oti "ndalama ili m'foni, ndidzakupatsani mawa" amachepa. Njira yopita kuchipatala, kusukulu kapena ku maofesi imabweretsa anamwino, aphunzitsi ndi ena olandira malipiro a pamwezi.

Woyandikana naye woipa amadziwika ndi mphuno ndi makutu, ndipo nchifukwa chake malo ayenera kukaonedwa pa nthawi zosiyana. Chigayo chimatulutsa fumbi la ufa limene limamatirira pa tsitsi lodzozedwa mafuta, kuwonjezera phokoso. Ogulitsa makala, nsomba zouma kapena okazinga tchipisi amalowetsa utsi ndi fungo m'matawulo ndi m'mawigi. Wowotcherera zitsulo akakhala pa waya umodzi ndi saluni, magetsi amatha kufooka iye akayatsa makina ake, ndipo draya imavutika. Malo omwera mowa m'mawa amaoneka ngati shopu yotseka, koma pofika 4 koloko masana amayi ambiri sadzafuna kudutsa pakhomo pake, ndipo amuna ena sadzalola akazi awo kuchedwa kumeneko. Imeneyi ndi nthawi yomwe ogwira ntchito amafuna kukonzetsa tsitsi.

Madzi nawonso ndi woyandikana naye. Saluni imachapa mitu, choncho mpopi ukakhala kutali padzafunika wotunga wolipidwa, ndipo madzi a sopo ndi mankhwala ayenera kukhala ndi kolowera. Akamatayidwa pakhomo, mkangano ndi eni mashopu ena komanso alangizi a zaumoyo suchedwa.

Opikisana nawo

Kukhalapo kwa saluni ina pafupi si chifukwa chothawira. Masaluni akaunjikana mumzere umodzi, amayi a m'tauni amadziwa kuti tsitsi amakonzera kumeneko, ndipo wopeza mzere pakhomo lina amalowa lotsatira. Funso nlakuti ntchito ilipo yokwanira khomo linanso kapena ayi, ndipo yankho limaoneka Loweruka masana. Ngati pabenchi pali anthu odikira, ena nkumabwerera atauzidwa kuti abwere mawa, malo alipo. Ngati oluka akulukana okhaokha, akuitanira odutsa ngati a minibasi, kapena mitengo yolembedwa pakhoma yafufutidwa nkutsitsidwa, mzerewo wadzaza, ndipo wobwera kumene adzangokakamizika kutsitsa mtengo mpaka K6,000 ija itasungunuka.

Kuseri kwa msika kunali kale masaluni awiri. Mayiyu anapita kukachapitsa tsitsi mu iliyonse monga kasitomala wamba, njira imene imaphunzitsa zambiri kuposa kufunsa mafunso. Mu yoyamba anapeza anthu atatu akudikira, ndipo anamva kuti wofuna kulukidwa Loweruka amasungitsa malo Lachinayi. Yachiwiri inkadalira draya ndi kuwongola tsitsi, kotero magetsi akazima ntchito inkaima. Onse awiri ankakana ana aang'ono Loweruka chifukwa amachedwetsa. Izi zinamuonetsa mpata wake: kuluka kumene sikudalira magetsi, ndi tsitsi la ana masiku a tchuthi ndi Lamulungu masana. Kusitejiko kunalibe saluni ngakhale imodzi, ndipo atafunsa eni mashopu anamva kuti chipindacho chinakhalapo saluni kawiri, onse awiri nkuchoka chaka chisanathe. Malo opanda wopikisana naye m'tauni ya anthu ambiri nthawi zina amakhala malo amene ena anayesa kale nkulephera.

Anasankha chipinda cha kuseri kwa msika. Asanapereke ndalama anaima pangodya pamene anthu amakhotera kuchokera mumsika, kuti aone ngati chikwangwani chake chidzaoneke kapena chidzabisika ndi kaunjika wopachikidwa pa shopu yoyandikana. Anafunsa ngati mita ya ESCOM ndi ya chipinda chake chokha, chifukwa mita yogawana imabala milandu mwezi uliwonse pamene pali draya. Anapita kukhonsolo kukatsimikiza kuti nyumbayo ndi yololedwa kuchitiramo malonda ndiponso kuti siili m'malire a msewu, pakuti zomangidwa m'malire amenewa zimatha kugumulidwa msewu ukamakulitsidwa. Pomaliza anapempha mwini nyumba kuti alembe papepala lendi, nthawi imene siidzakwezedwa, ndi amene adzalipire sinki ndi mapaipi amene iye adzaikemo akadzafuna kuchoka.