Azakhali Akuyankha: Buku lonse m'khutu limodzi?

Mwanawe wa ku Goliati, kalata yako yandiseketsa. Akuti unatenga mojulo ya zaulimi ya ku MCDE, masamba 60, n'kuiwerenga yonse mokweza pa foni kuti uzimvera m'minibasi popita kuntchito ku Limbe. Ndiye ukudabwa kuti umagona musanafike n'komwe pa msewu wa Midima? Mwanangu, unadziyimbira wekha nyimbo yogonetsa mwana!

Usadzitenge ngati mbuli. Diso likasochera limabwerera pamzere wapamwamba, koma khutu likaphonya laphonya, makamaka kondakitala akukalipirana ndi mayi wa dengu la tomato. Tawerengera: masamba 60 a mawu 300 lililonse ndi mawu 18,000. Ukamawerenga mawu 100 pamphindi, amenewo ndi maola atatu. Ngakhale mlaliki wapamaliro safika pamenepo.

Tenga mutu umodzi, uwerenge, utseke buku, kenako ulembe monga ukufotokozera mng'ono wako pamtondo. Chigawo chimodzi chisapitirire mawu 500, mphindi zisanu, ndipo chinyamule mfundo zitatu basi. Uyambe ndi kuzitchula zitatuzo, uzifotokoze, pomaliza uzibwereze.

Tiyerekeze ndi kabzalidwe ka chimanga. Buku limangoika tebulo: 75 cm, 25 cm, mbewu 1. Ukawerenga choncho khutu limva manambala amasiye. Iwe unene kuti: "Kuchoka pamzere kufika pamzere unzake, masentimita 75. Kuchoka paphando kufika paphando, masentimita 25, pafupifupi kutalika kwa phazi langa. Phando lililonse, njere imodzi." Chiwerengero cha 53,333 pahekitala uchitchule kuti "mapesi opitirira pang'ono 53,000", chenichenicho ukachione m'buku madzulo. Mawu oti "onani chithunzi chachitatu" uwachotse. Uona chiyani utapanikizika pakati pa matumba a kabichi? Zojambula ndi masamu aatali zisiyire pepala.

Ukatha mfundo, dzifunse funso: "Paphando njere zingati?" Ukhale chete masekondi asanu, kenako uyankhe. Kachetechete kameneko n'kamene kakugwire kuti usawodzere. Popeza mayeso a MANEB udzalemba m'Chingerezi, mawu ofunika uziwatchula monga alili m'buku, n'kuwamasulira m'Chichewa pomwepo.

Pojambula, lowa kuchipinda usiku ana atagona, utseke chitseko, foni italikirane ndi pakamwa ngati chikhatho chotambasula. Pamene mpweya wakuthera pakati pa chiganizo, chiganizocho n'chachitali, chidule pawiri. Ndipo usajambule zigawo khumi tsiku limodzi, iwe ndimakudziwa phuma lako. Jambula chimodzi, mawa ukachimvere m'minibasi, ukatsika ku Limbe utchule mfundo zitatu zija osayang'ana paliponse. Ikasowa imodzi, konza pamenepo usanayambe chigawo chachiwiri.

Koma ukakwera kabaza wa njinga yamoto, zam'makutuzo uvule. Ndikufuna udzandionetse satifiketi uli ndi mano onse.

Ndine,
Azakhali ako