Matumba 200 a simenti m'dambo la ku Chikwa

Mphunzitsi wina atapuma pantchito anaganiza zomanga nyumba kwao kwa Mfumu Chikwa, m'boma la Chama. Malo anampatsa a nyakwawa, ndipo monga zimakhalira kumudzi, panalibe nambala kapena chikwangwani. Anagula matumba 200 a simenti ku Lundazi, lililonse la makilogalamu 50, kutanthauza matani 10, nachita hayala lole. Munali kumapeto kwa Novembala, mvula itagwa kale kangapo.

Lole isananyamuke, dalaiva anaimba foni.

"Aphunzitsi, tikafika ku Chikwa tilowere kuti?"

"Musavutike bambo, ndi pafupi. Mukafika mundiimbire."

Mawu amenewa ndi amene anaononga ulendo wonse. Msewu wa Lundazi kupita ku Chama uli kumtunda, koma wopita ku Chikwa umapatuka n'kutsikira m'chigwa cha Luangwa, ndipo kumeneko netiweki ili ndi malo ake. Pena igwira pachulu, mukasuntha pang'ono yathawa. Dalaiva anafika dzuwa litapendeka, nayesa kuimba, foni osalowa. Italowa, mawu ankaduka.

"Mukapitirira mjigo," anatero aphunzitsi, "mukhotere kumanja pa mtengo wa mango, muziyenda mpaka muone njerwa."

Zonsezi zinali zoona, koma kwa munthu wochokera kunyumba kumene aphunzitsi ankagona. Lole inkabwera moyang'anizana nawo, choncho kumanja kwao kunali kumanzere kwa dalaiva. Za mtengo wa mango n'zosachita kunena: mudzi uti wopanda mango? Mijigo nayo anadutsa iwiri, osadziwa kuti woyenera ndi uti. Njerwa zootcha anazionadi, koma zinali za munthu wina.

Atazindikira kuti wasokera, dalaiva anafunsa mnyamata wa njinga, yemwe anamlozera njira yachidule yodutsa m'dambo. Mnyamatayo sananame. Iyeyo amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku. Kungoti dothi lakuda la m'madambo a kuchigwa, limene limabereka mpunga wa Chama uja, limapusitsa mvula zoyamba zikagwa. Pamwamba limaoneka louma, losweka ming'alu, pansi pali phala. Njinga ipita, munthu apita, koma matani 10 kuphatikiza kulemera kwa lole yeniyeniyo sizingapite. Mateyala akumbuyo anatitimira, ndipo dalaiva akamaponda moto m'pamene ankadzikumbira dzenje.

Kukada ku Chikwa anthu sayendayenda chifukwa cha njovu, motero lole inagona pomwepo. Usiku inagwa mvula. Tenti yofunditsa katundu inali yobooka pakona, ndipo simenti ikalawa madzi imauma n'kukhala mwala m'thumba momwemo. M'mawa panafunika kutsitsa katundu yense kuti lole ipepuke, kenaka kuika nthambi ndi miyala pansi pa mateyala. Ngolo n'zosowa kuchigwa poti kashembe salola ng'ombe kuchuluka, choncho matumba anapita pamalo omangapo nyumba pamutu ndi panjinga, thumba lililonse ndi mtengo wake. Mwini lole naye anafuna ndalama ya tsiku lachiwiri.

Patapita masabata angapo panafunika kubweretsa malata ndi matabwa. Ulendo uno foni anaigwira ndi mmisiri womanga nyumbayo, munthu amene anagwirapo ntchito ndi madalaiva ambiri. Anaimba dzulo lake, dalaiva akadali ku Lundazi kumene foni imamveka bwino, ndipo funso lake loyamba silinali la njira ayi. Anafunsa kukula kwa galimoto ndi kulemera kwa katundu. Atamva, anapalasa njinga njira yonse akuyang'ana ndi maso a lole: pamene pali zitsa, pamene nthambi zatsika, pokhota pothina, ndi malo otembenukira akatsitsa. Njira ya m'dambo anaisiya, nasankha yozungulira yodutsa pamchenga ngakhale inali yotalikirapo.

Polongosola sanatchule mtengo uliwonse. Anatchula zinthu zokhala ndi dzina loti munthu angafunse, monga sukulu, chipatala ndi mudzi wa nyakwawa, ndipo kulikonse kokhota ankayamba ndi mawu oti "mukuchokera ku Lundazi". Anampatsanso chizindikiro chodziwira kuti wapitirira: "Mukaona minda ya mpunga kutsogolo, imani pomwepo, musalowe." Kenaka anamuuza dalaiva kuti abwereze zonse, ndipo pamene anaphonya anamkonza, nazitumizanso pa meseji kuti zikhale m'foni netiweki ikathawa.

Pamapeto pake sanadalire ngakhale zimenezo. Anatuma mphwake kukadikira pasukulu kuyambira m'mawa, ndipo anamuuza dalaiva mtundu wa malaya amene mnyamatayo adzavale. Lole itafika, mnyamatayo anakweza njinga yake pamwamba pa malata nakhala kutsogolo ndi dalaiva. Katundu anatsitsidwa masana omwewo, ndipo lole inabwerera kumtunda mitambo isanasonkhane.