Foni isajambule chithunzi chomwe sichinasinthe

Achinyamata amene mwayamba kupanga magemu a pafoni, mvetserani. Munthu akadandaula kuti gemu yanu ikutenthetsa foni ndi kutha batire, musathamangire kunena kuti foni yake ndi yachikale. Nthawi zambiri vuto limakhala loti pulogalamu yanu ikugwira ntchito kambirimbiri pa sekondi pamene palibe chomwe chasintha.

Tiyerekeze kuti mwapanga gemu ya bawo mu Unity. Pafoni, Unity imajambula mafulemu 30 pa sekondi ngati simunaiuze zina, koma inu pofuna kuti nkhomo ziziyenda mosalala mwakweza `Application.targetFrameRate` kufika pa 60. Kenaka mu `Update()` mwaikamo ntchito yoyendera maenje onse 32, kuwerenga nkhomo ndi kufufuza malo amene wosewera angayambire. Tsono bawo ndi masewera oganiza. Wosewera akakhala masekondi 20 akusinkhasinkha, foni yawerengera zomwezomwezo maulendo 1,200, yajambulanso chithunzi chimodzimodzicho maulendo 1,200. Mukakweza kufika pa 120, pa foni yomwe sikirini yake imalola, ndiye kuti maulendo 2,400. Zili ngati kusiya galimoto ikulira usiku wonse ili chiimire pakhomo.

Kutentha kumachokera apa. Pa mafulemu 60, fulemu iliyonse ili ndi mamilisekondi pafupifupi 16.7. Purosesa ikamaliza ntchito msanga imapuma nthawi yotsalayo, ndipo kupumako ndiko kumasunga batire. Ikasowa mpata wopuma imatentha, ndipo poti foni ilibe fani, imadziteteza pochepetsa liwiro la purosesa. Chizindikiro chake n'chodziwika: gemu imayamba bwinobwino, koma pakapita mphindi zingapo imayamba kudukiza, kumsana kwa foni kuli juu.

Choyamba kukonza ndi mawerengero. Malo oyambira amasintha pokhapokha wina akasewera, choncho awerengeni kamodzi nkhomo yomaliza ikagwa, musunge yankholo. Mu `Update()` musiyemo zokhazo zomwe zikuyendadi pa sikirini. Koma onetsetsani kuti kayendedwe ka nkhomo mwakachulukitsa ndi `Time.deltaTime`, apo ayi mukatsitsa mafulemu nazonso zidzayamba kuyenda pang'onopang'ono.

Chachiwiri ndi kujambula. Kuyambira Unity 2019.3 mutha kuchepetsa kujambula kokha, gemu n'kumamvabe chala cha wosewera mwachangu:

```
// poyembekezera wosewera
UnityEngine.Rendering.OnDemandRendering.renderFrameInterval = 6;
// chala chikakhudza sikirini
UnityEngine.Rendering.OnDemandRendering.renderFrameInterval = 1;
```

Pa mafulemu 60, nambala 6 ikutanthauza kuti foni ijambula maulendo 10 okha pa sekondi. Masekondi 20 aja atsika kuchoka pa zithunzi 1,200 kufika pa 200. Dziwani kuti `Update()` imayendabe maulendo 60, n'chifukwa chake ndati muyambe mwaipepukitsa. Ena amangotsitsa `targetFrameRate` kufika pa 10, koma apo chala chimatha kudikira mpaka mamilisekondi 100 gemu isanachimve, wosewera n'kuyesa kuti foni yauma. Kumbukiraninso kubwezera pa 1 nthawi iliyonse imene nkhomo zikuyenda, ngakhale pamene wosewerayo ndi foni, chifukwa mukaiwala zidzaoneka zikudumphadumpha.

Musakhulupirire kompyuta yanu, chifukwa ili ndi fani ndiponso magetsi osatha. Yesani pa foni yeniyeni, makamaka yotsika mtengo, ngati yomwe osewera anu ali nayo. Ichotseni pa tchaja ndi pa chingwe cha kompyuta, poti kutchaja nakonso kumatenthetsa. Lembani moto umene uli m'batire, ikani kuwala kwa sikirini pa mlingo umodzi, tsegulani gemu, muisiye mphindi 15 osaikhudza, sikirini isazime. Kenaka lumikizani chingwe mulembe mwamsanga:

```
adb shell dumpsys battery
```

Pa mzere wa `temperature`, nambala ngati 410 ikutanthauza madigiri 41.0, ndipo `level` ikuonetsa moto wotsala m'batire. Foni ikazizira, bwerezani mutatsegula chithunzi wamba m'malo mwa gemu. Sikirini payokha imadya batire, ndipo zimenezo simungazithetse, koma kusiyana kwa moto umene watha pa mayeso awiriwa ndiwo moto umene pulogalamu yanu ikuwononga pachabe.

Gemu yothamangitsa magalimoto imafunikadi mafulemu 60 mpikisano uli mkati, koma nayonso siwafuna pa tsamba losankhira galimoto kapena wosewera akaimitsa kaye. Kwathu kuno ambiri amalipira kuti atchajitse foni pa shopu, ena amadikira magetsi abwere. Gemu yowathera batire amaifufuta tsiku lomwelo, ngakhale ikhale yokongola chotani. Musanaitulutse, isiyeni mphindi 15 osaikhudza, muone ngati foni ikadali yozizira.