Kukongoletsa Zilembo pa Khadi ndi Cholembera Wamba: Mafunso ndi Mayankho

Kodi zilembo zokongola za pa makhadi aukwati zija amazilemba bwanji?

Akatswiri a luso limeneli, lotchedwa kaligirafe, amagwiritsa ntchito cholembera cha nsonga yachitsulo yong'ambika pakati. Dzanja likamatsika amasindikiza, nsonga ija nkukanuka, inki nkutuluka yambiri. Likamakwera amangopepuza, mzere nkukhala wowonda ngati ulusi. Kukongola konse kwagona pa kusinthana kumeneku: potsika ponenepa, pokwera powonda. Bolopeni siikanuka ngakhale muisindikize chotani, mungoboola pepala. Choncho ife timachita kubera: timalemba mawu kaye, kenako nkunenepetsa tokha mizere yotsika.

Ndikhale ndi chiyani?

Bolopeni yakuda, pensulo, rula, labala ndi pepala lolimba losanyezimira, monga la manila. Pepala la A4 mukalidula pakati nkupinda theka limodzi, mupeza khadi ya masentimita 10.5 kwinaku 14.8. Pepala lonyezimira lisiyeni, inki imachedwa kuuma ndipo imafalikira.

Nanga ndiyambire pati?

Tiyese ndi mawu akuti *Zikomo*. Jambulani ndi pensulo mizere iwiri yopingasa, yotalikirana sentimita imodzi ndi theka, mopepuza kuti idzafufutike. Lembani mawuwo molumikiza zilembo, ndi pensulo yomweyo, koma motayanitsa kuposa mmene mumalembera m'kope. Malo amenewo ndi oti kunenepa kudzalowemo. Mukakhutira, dutsitsanimo bolopeni.

Tsopano tsatirani mawuwo ndi chala m'mwamba, pang'onopang'ono, kuona pamene dzanja likutsika. Pa *Z* ndi mzere wopendekeka wapakati uja wokha. Wapamwamba ndi wapansi ngopingasa, isiyeni yowonda. Pa *i* ndi thunthu lake. Pa *k* ndi mzati wautali ndi kamwendo kakumapeto. Pa *m* miyendo yonse itatu. Pa *o* mpamene ambiri amagwa nayo: dzanja limatsikira kumanzere nkukwerera kumanja, ndiye mbali yonenepa ndi yakumanzere yokha. Mukanenepetsa mbali zonse ziwiri, *o* wanu afanana ndi tayala la galimoto.

Pambali pa mzere wotsika uliwonse jambulani unzake, motalikirana mamilimita awiri, ndipo mpata wapakatiwo mudzaze ndi inki. Dzazani mzere umodzi, mumalize, mupite pa wina.

Mzere wachiwiriwo ukhale kumanzere kapena kumanja?

Kumene kuli malo. Pa mizati yowongoka sankhani mbali imodzi ndi kuisunga mpaka mawu athe, kuti mipata ya pakati pa zilembo isasiyane. Pa zilembo zozungulira ngati *o*, *a* ndi *e* ine ndimauika mkati, kuti chilembo chisatupe nkuposa zinzake. Koma ngati mimba ya chilemboyo njaing'ono, utulutseni kunja, chifukwa *e* wotsekeka diso amaoneka ngati dontho la inki.

Ndatsatira zonsezi, koma zilembo zanga zikuoneka ngati zomata. Ndalakwitsa pati?

Yang'anani pamene kunenepa kukuyambira ndi pamene kukuthera. Ngati pali kona, ngati sitepe, vuto ndi limenelo. Pokhota, mzere wachiwiri uzichoka mwa woyamba pang'onopang'ono, unenepe pakati, ubwererenso mwa woyamba usanafike pansi, monga mwezi ukangooneka kumene. Pa mzati wowongoka ngati wa *k* mutha kudula pamwamba mosalala, koma pansi pokhotera ku chilembo chotsatira pazionda bwinobwino.

China ndi kusiyana kwa kunenepa. Ikani khadi patali, mutsinzine pang'ono. Mzere wonenepa kuposa inzake udzionetsa wokha. Ndipo popeza inki siibwezeka, mankhwala ake ndi kuwonjezera inzakeyo pang'ono kufikira ilingane. Nchifukwa chake nkwabwino kuyamba moonda.

Inki ikumadetsa khadi. Ndichite chiyani?

Bolopeni imaunjika kainki kunsonga mukamadzaza, ndipo kamadontha pamene simukufuna. Khalani ndi kapepala pambali kopukutirapo nsonga mukamaliza mzere uliwonse, ndi kena koika pansi pa dzanja. Wolemba ndi dzanja lamanzere ayambe kudzaza kuchokera ku chilembo chomaliza. Koma chimene chimawononga makhadi ambiri ndi phuma lofufuta pensulo. Ine ndinaonongapo khadi ya mayi anga madzulo a pa 14 Okotobala, mawa lake lili Tsiku la Anakubala: labala anakoka inki, mawu onse nkumera ndevu. Pamene mwadzaza inki ndi yochindikala, choncho dikirani mphindi khumi kapena kuposerapo.

Kodi uthenga wonse ndiulembe chonchi?

Ayi, mungatope, ndipo pa zilembo zazing'ono kunenepa kumatseka mipata, mawu osawerengeka. Njirayi njoyenera mawu amodzi kapena awiri a pachikuto, monga *Zikomo* kapena *Mafuno Abwino*. Za mkati lembani ndi dzanja lanu la masiku onse. Ndipo musanakhudze khadi yeniyeni, yesani mawuwo katatu pa pepala lotha ntchito.