Mbuzi Ziti?

Mtsikana wina wa giredi 7 amakhala ku Mpanshya, m'boma la Rufunsa. Mayeso akulu anali pafupi. Mtsikanayo anali kudziwa masamu, koma timau titatu ta Cizungu tinali kumugwetsa: a, an ndi the.

Tsiku lina aphunzitsi analemba funso ili pa bolodi:

___ goats eat maize.
A. a  B. an  C. the  D. palibe liu

Mtsikana uja anasankha C. Aphunzitsi anapukusa mutu.

"Tanena ciganizo ici m'Cinyanja," anatero aphunzitsi.

"Mbuzi zimadya cimanga."

"Mbuzi ziti?"

Mtsikana anaseka. "Aphunzitsi, mbuzi zonse! Za kwathu, za ku Chongwe, za kulikonse. Ndiyo khalidwe lake mbuzi."

"Wayankha wekha," anatero aphunzitsi. "Ukamakamba za mbuzi zonse, dzina limaima lokha. Suika kanthu patsogolo pake. Yankho ndi D."

Kenaka anafufuta ndi kulemba funso lina:

___ goats in our field ate all the maize.

"Nanga apa, mbuzi ziti?"

"Mbuzi zija zinalowa m'munda mwathu."

"Wamva liu wanenalo? Zija. Ndi mbuzi zodziwika, ungazilozere ndi cala. M'Cinyanja timati uja, ija, cija, zija. M'Cizungu amaika the. Apa yankho ndi C."

Cinyanja cilibe timau totere, n'cifukwa cake timavuta. Palinso msampha wina. Liu lakuti mbuzi silisintha, kaya mbuzi ndi imodzi kaya ndi khumi. Timangomva kusiyana pa mau otsatira: mbuzi yalowa, mbuzi zalowa. M'Cizungu kusiyana kuli pa dzina lenilenilo. Imodzi ndi goat, zambiri ndi goats. Motero mwana ayenera kuona kumapeto kwa dzina asanasankhe. Timau a ndi an timayenda ndi cinthu cimodzi cabe. Akaona goats, mayankho A ndi B agwa kale, kwatsala awiri.

Nanga maize? Cimanga sitiwerenga kuti cimodzi, ziwiri. Timapima ndi thumba kapena gongo. Ndi cimodzimodzi water, salt ndi rice. Maina otere salandira a kapena an. Pokamba za cimanga ciliconse amati maize. Pokamba za cimanga cija ca m'munda mwathu amati the maize.

Mtsikana anaimika dzanja. "Aphunzitsi, nanga a amagwira liti nchito?"

Aphunzitsi analemba ziganizo ziwiri:

My uncle bought a goat. The goat is black.

"Poyamba womvera saidziwa mbuziyo. Ndi mbuzi ina yake, imodzi, ndiye tikuti a goat. Tikaichula kaciwiri yadziwika tsopano. Yakhala mbuzi ija, the goat."

Za an aphunzitsi anati khutu ndilo limaweruza. Anauza ana kuti azichula dzina mokweza pang'ono. Likayamba ndi mvekero wa a, e, i, o kapena u, aike an: an egg, an axe. Koma maso amanamiza. Liu lakuti uniform limalembedwa ndi u, pomwe pakamwa limayamba ndi yu, monga mmene timanenera kuti yunifomu. Ndiye ndi a uniform. Liu lakuti hour limalembedwa ndi h, koma h ameneyo samveka. Ndiye ndi an hour.

Maina a malo ali ndi mwambo wawo. Dzina la boma kapena la dziko lathu limaima lokha: Rufunsa, Zambia. Koma mitsinje imatenga the, monga the Luangwa River. Mseu waukulu wopita ku Chipata nawonso ndi the Great East Road.

Belu lisanalire, aphunzitsi anacenjeza za cinthu cimodzi. Cilembo A ca yankho ndi cina, kaliu kakuti a ndi kena. Pa pepala lina a angakhale pa B kapena pa D. Mwana wofulumira amadziwa yankho, koma n'kudetsa malo olakwika.

Lacisanu anawo analemba mayeso oyeserera. Pa funso lililonse mtsikana uja anali kunong'ona yekha kuti, "Cimodzi kapena zambiri? Zonse kapena zija?" Analakwa funso limodzi cabe, la hour, cifukwa anakhulupirira maso.

Nchito

Sankhani a, an, the kapena palibe liu. Musanasankhe, nenani ciganizo m'Cinyanja.

1. ___ children need clean water.
2. ___ children in our class are quiet.
3. Mother gave me ___ orange.
4. The bus crossed ___ Luangwa River.
5. We waited for ___ hour.