Phunziro la Ophika: Mtengo Weniweni wa Mbale ya Nsima ndi Nyama

Phunziro la lero likhudza amayi ndi abambo amene amaphika chakudya chogulitsa pa boma la Mzimba, pa Jenda, ku Embangweni ndi m'misika ina ya kumwera kwa bomali. Ambiri mwa iwo makasitomala sawasowa, mphika umatha tsiku lililonse, koma pofika kumapeto kwa mwezi ndalama ya lendi yanyumba imavuta. Kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti amawerengera mtengo wa nyama monga anaigulira kubutchala, kuiwala kuti nyama yofika m'mbale ndi yochepa kuposa imene inakwera pa sikelo.

Tiyeni titenge mbale yodziwika ndi aliyense: nsima, nyama ya ng'ombe, kabichi ndi kachumbali pambali. Mitengo imene tiike pano ndi yongoyerekeza kuti masamu ayende bwino, pakuti mitengo ya kumsika sikhala malo amodzi, makamaka chichokere pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu mu Novembala 2023. Inu muike mitengo ya kwanu, koma njira yake ndi yomweyi.

Tinene kuti mwagula makilogalamu 5 a nyama ya mafupa pa K10,000 kilogalamu, ndiye kuti mwalipira K50,000. M'mbale iliyonse mumaika nthuli zolemera magalamu 120. Munthu wowerenga mofulumira adzagawa makilogalamu 5 aja ndi 120, napeza mbale 41, nanena kuti nyama ya mbale imodzi ndi K1,200. Apa ndi pamene pagona msampha.

Nyama iyenera kuyesedwa pa sikelo katatu. Koyamba ndi pogula. Kachiwiri ndi mutaikonza, ndiye kuti mutachotsa mafuta olimba, mitsempha yosatafunika, magazi oundana ndi tizidutswa ta mafupa timene timabwera chifukwa chodula ndi chikwanje. Tinene kuti zotayazi zakwana magalamu 500. Mwatsala ndi makilogalamu 4 ndi theka. Zotayazo munazilipira pa mtengo wa nyama, ngakhale adye ndi galu.

Kuyesa kwachitatu ndi pamene nyama yapsa, ndipo ndi kumene kumadabwitsa anthu. Mnofu wa ng'ombe uli ndi madzi ambiri, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kulemera kwake. Ukamva moto umakhwinyata nufinya madziwo, mafuta nawonso amasungunuka. Nyama yophikidwa mpaka kufewa imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Tsono vuulani nthuli zonse mumphika, zikhe msuzi, muziike pa sikelo: pa makilogalamu 4 ndi theka aja mudzapeza ngati makilogalamu 3. Musayese pamodzi ndi msuzi, chifukwa kasitomala amawerenga nthuli, msuzi amauyesa waulere.

Makilogalamu 3 a nyama yakupsa, pa magalamu 120 mbale iliyonse, atipatsa mbale 25 zokha. K50,000 kugawa kwa 25 ndi K2,000. Taonani tsono: nyama ya mbale imodzi ndi K2,000, osati K1,200. Kusiyana kwake ndi K800 pa mbale, ndipo pa mphika wonse ndi K20,000 imene mwini wake amaganiza kuti ali nayo pamene palibe.

Chiwerengerochi sichikhala chimodzimodzi chaka chonse, ndipo ophika a ku Mzimba, dziko la ng'ombe, ayenera kudziwa zimenezi koposa ena. M'miyezi ya Okotobala ndi Novembala, msipu utauma, ng'ombe zimaonda, ndipo kilogalamu imodzi imakhala ndi fupa lambiri mnofu wochepa. Ng'ombe yokalamba imene yakoka ngolo zaka zambiri imafuna moto wa nthawi yaitali, ndipo imadya makala ambiri isanafewe. N'chifukwa chake kuyesa katatu kuja kuyenera kubwerezedwa nyengo ikasintha, ndiponso mukasintha butchala. Butchala wotsika mtengo amene amakuunjikirani mafupa angathe kukhala wodula kuposa mnzake.

Nsima ili ndi khalidwe lina. Iyo mumphika imachuluka, chifukwa ufa umamwa madzi. Kutaya kwake kumachitika kuchigayo. Chimanga chikakonoledwa kuti chikhale ufa woyera, gaga amachoka wambiri, kotero kuti makilogalamu 20 a chimanga angatipatse ufa wokwana makilogalamu 14. Ngati chimangacho ndi K20,000 ndipo chigayo ndi K1,000, ufa wathu ndi K1,500 kilogalamu, osati K1,000. Mbale yodya ufa wa magalamu 200, kuphatikizapo nkhoko zotsalira mumphika, ikhala K300. Amene amagulitsa gaga kwa oweta nkhumba achotse ndalama imeneyo pa K21,000 asanagawe. Mgaiwa sutaya zambiri chotere, koma makasitomala ambiri amafuna nsima yoyera.

Zokometsera msuzi, monga tomato, anyezi, mafuta ophikira ndi mchere, sitiziwerengera mbale imodziimodzi. Timaphatikiza za mphika wonse n'kugawa kwa mbale 25. Zikakwana K7,500, ndiye K300 pa mbale. Kabichi timachita naye chimodzimodzi, titakumbukira kuti masamba akunja ndi chitsa chapakati zimatayidwa, tinene K200.

Tsopano tifike pa kachumbali, kamene pafupifupi aliyense amakaiwala. Kamaoneka kochepa: tizidutswa ta tomato ndi anyezi, tsabola wa kambuzi, ndi kachidutswa ka ndimu. Koma tomato wa kachumbali ayenera kukhala wolimba ndi wooneka bwino, wosiyana ndi wofewa uja amene amalowa mumsuzi popanda womudandaula. Mukagula dengu pa Jenda, wina amaphwanyika pa ulendo, wina amaola asanagwire ntchito, ndipo woolayo mtengo wake umagwera pa amene watsala. Ndiponso kachumbali kodulidwa m'mawa sikagona. Kotsala madzulo n'kotaya. Choncho werengani ndalama yonse ya kachumbali ka tsikulo, kodyedwa ndi kotayidwa komwe, mugawe kwa mbale zimene zatuluka. K3,750 kugawa kwa 25 ndi K150. M'nyengo ya mvula, tomato akasowa, ndalama imeneyi imakwera msanga, pamene mtengo wa mbale wolembedwa pakhoma uli pomwepo.

Tiphatikize: nyama K2,000, nsima K300, msuzi K300, kabichi K200, kachumbali K150. Mbale yathu ndi K2,950. Wophika uja amene anawerengera nyama pa K1,200 ndi ufa pang'ono, nagulitsa mbale pa K3,000, amakhulupirira kuti theka la ndalamayo ndi phindu. Kunena zoona watsala ndi K50, ndipo makala, madzi, sopo, lendi ndi malipiro a womuthandiza sanazikhudze n'komwe, pakuti zimenezi sizili m'kati mwa K2,950 ija. Mahotela amayesetsa kuti mtengo wa zakudya za m'mbale ukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wogulitsira. Malo odyera a pamsika sangafike pamenepo, chifukwa makasitomala ake angathawe, koma mwini wake ayenera kudziwa pamene waima asanasankhe kukweza mtengo kapena kuchepetsa nthuli.

Pali njira yapafupi yodziwira ngati masamu akutsatidwa kukhitchini: kuwerenga mbale. Mphika wa makilogalamu 5 uyenera kutulutsa mbale 25. Ukatulutsa 21, nyama ya mbale imodzi yakwera kufika pafupifupi K2,380. Pamenepo funsani zinthu zitatu: kodi butchala wachulukitsa mafupa, kodi nyama inakhalitsa pamoto, kapena wopakula ali ndi dzanja lolemera kwa anthu owadziwa? Mbale zimene mumadya inu eni ake ndi antchito anu muzilembenso, chifukwa nazonso zachokera mumphika womwewo. Sikelo yaing'ono ndi kope la sukulu zikwanira pa ntchito yonseyi. Muyese katatu kwa sabata imodzi, mutenge chiwerengero chapakati, ndipo muchigwiritse ntchito kufikira nyengo kapena butchala atasintha.